Magemu oopsa pang'ono: momwe wamantha angayambire osataya tulo

Pali anthu amene amafuna kulawako gemu yoopsa koma chitseko chikangomenyeka ndi mphepo mtima umakhala kale m'mwamba. Anzawo akawauza kuti "yambani ndi iyi, sioopsa kwenikweni", nthawi zambiri amawasokeretsa, chifukwa mantha si amtundu umodzi. Gemu imene mnzanu amaseweretsa akuseka ingakugonetseni nyali ili chiyakire sabata yonse, pomwe ina imene iye amaiopa inu mungaimalize bwinobwino. Malangizo awa akuthandizani kusankha gemu imene inuyo ndi amene muli ndi mphamvu yotsegula ndi kutseka khomo la mantha, kenaka kukonza chipinda ndi makina, ndipo pomaliza tiyenda limodzi masiku oyamba m'gemu imodzi yotchedwa Dredge.

Choyamba: dziwani chimene chimakuopsani

Opanga magemu amagwiritsa ntchito njira zitatu, ndipo thupi limazilandira mosiyana.

Njira yoyamba ndi chodzidzimutsa: kuli zii, kenaka mwadzidzidzi nkhope pasikirini ndi phokoso lalikulu. Apa palibe za kulimba mtima. Phokoso ladzidzidzi limachititsa maso kuphethira, mapewa kukwera ndi khosi kufupika munthu asanaganize n'komwe, ndipo thupi limachita zimenezi mwamphamvu kwambiri ngati munali kale ndi nthumanzi kapena muli mumdima. Chimene chimakulumphitsani kwenikweni ndi phokosolo, chithunzicho chimangotsatira.

Njira yachiwiri ndi kuthamangitsidwa. Chilombo chili kumbuyo, inu mulibe chida, mukufunafuna pobisala, zala zikuterera pa padi. Mantha amenewa amatenga mphindi zingapo, ndipo mukagwidwa gemu imakubwezerani pomwepo kuti muthawenso. Wamantha ambiri amasiyira apa, osati chifukwa cha chilombocho koma chifukwa chokakamizidwa kubwereza.

Njira yachitatu ndi nthumanzi chabe: chifunga, nyumba yopanda anthu, nyimbo yapansipansi, nkhani yosamveka bwino imene ikukuuzani kuti pano zinthu sizili bwino. Palibe chokulumphirani, koma mumachita tsemwe. Kwa munthu wamantha amene akufuna kuyamba, njira iyi ndiyo yabwino, chifukwa imakwera pang'onopang'ono ndipo mumaimva ikubwera.

Dzifunseni za filimu yomaliza imene inakuvutani. Ngati munaphimba makutu, mdani wanu ndi chodzidzimutsa. Ngati munaimirira n'kutuluka pamene munthu ankathamangitsidwa, ndi njira yachiwiri. Ngati filimuyo munaionera bwino koma usiku munalephera kupita kuchimbudzi chapanja, ndiye kuti nkhani ndi zithunzi ndizo zimakukakamirani, ndipo inu muyenera kusamala ndi magemu a nkhani zolemera ngakhale alibe chilombo.

Chachiwiri: fufuzani gemu musanaigule

Musakhulupirire maonekedwe. Magemu ambiri amene ana a kukomboni amadaunilodi pa foni amaoneka ngati zidole koma anamangidwa pa zodzidzimutsa zokhazokha. Five Nights at Freddy's, ya 2014, ndi chitsanzo: mumakhala mukuyang'ana makamera podikira kuti chidole chikulumphireni ndi mkuwo. Granny, ya 2017, ndi yothamangitsana m'nyumba yotsekedwa. Poppy Playtime ili ndi zonse ziwiri. Doki Doki Literature Club imaoneka ngati nkhani ya atsikana a kusukulu koma mkati mwake muli za kudzipha, ndipo imachenjeza yokha poyamba. Outlast, ya 2013, siibisa n'komwe: mulibe chida, muli ndi kamera basi. Zonsezi zisiyeni kaye.

Yang'anani zinthu zitatu. Pabokosi kapena patsamba logulirapo pamakhala nambala ya zaka ya PEGI: 3, 7, 12, 16 kapena 18, ndipo kachizindikiro ka kangaude kamatanthauza kuti muli zoopsa. Kangaude pambali pa 7 ndi zoopsa za ana, pa 12 ndi zapakatikati, pa 16 n'zoopsa zenizeni. Koma nambalayi imayesa kwambiri magazi, chiwawa ndi mawu otukwana, siiwerenga kuti mudzidzimuka kangati. Ndiye pa Steam, sitolo ya pa intaneti ya magemu a pa kompyuta, werenganinso timawu timene osewera amamata pa gemu. Mukaona `Jump Scare`, `Survival Horror` kapena `Gore` pafupi ndi koyambirira kwa mndandanda, ipitirireni. `Atmospheric` ndi `Story Rich` ndi zizindikiro zabwinopo. `Psychological Horror` ndi kamawu konyenga, chifukwa anthu amakamata ngakhale pa magemu a nthabwala, choncho pakokha sikakuuzani kanthu.

Chomaliza mwa zitatuzi, ndipo ichi ndicho chodalirika, onerani wina akusewera pa YouTube, masana. Lembani dzina la gemu n'kuwonjezera mawu akuti `no commentary` kuti mupeze vidiyo yopanda munthu wolankhula. Mavidiyo a anyamata okuwa amawonjezera mantha amene m'gemumo mulibe, popeza kukuwa ndiko malonda awo. Musaonere koyambirira. Pafupifupi gemu iliyonse yoopsa imayamba mofatsa, ndiye lumphirani pakati ndi cha kumapeto, mphindi zisanu uku, mphindi zisanu uko. Ikani vidiyoyo pa `360p`, bandulo isathe ndi zofufuza.

Ogula pa Steam ali ndi pothawira: mungabweze gemu ndi kulandira ndalama zanu ngati sipanathe masiku 14 chigulireni ndipo simunasewere maola opitirira 2. Kumbukirani nambala ziwirizi, tizigwiritsa ntchito kutsogoloku.

Chachitatu: magemu oyambira

Amene ali ndi Nintendo Switch ayambe ndi Luigi's Mansion 3, ya 2019, ya PEGI 7. Luigi mwiniwake ndi wamantha, amanjenjemera m'hotela yodzaza mizukwa, koma m'manja ali ndi tochi ndi makina okokera fumbi. Mumauthwanimitsira tochi mzukwawo, umauma, mumaukoka, n'kuumenyetsa pansi. Mizukwa imatuluka m'madirowa mwadzidzidzi nthawi zina, koma zimathera m'kuseka, ndipo wachiwiri angagwire padi ina n'kusewera ngati Gooigi, mnzake wobiriwira wofanana ndi Luigi. Vuto lake n'lakuti siipezeka pa kompyuta kapena pa PlayStation, ndipo Switch si yofala m'nyumba za mu Lusaka muno.

Oxenfree, ya 2016, ndi nkhani ya achinyamata pachilumba usiku, mtsikana wotchedwa Alex akuzungulitsa wailesi n'kumva mawu a osaoneka. Simuthamangitsidwa, ndipo imatha m'maola anayi kapena asanu. Koma sikirini imagwedezeka ndi kuthwanima, wailesi imakanda m'makutu, ndipo pali pamene munthu amaoneka akudziponya pawindo. Kwa amene nkhani zimamukakamira, si poyambira.

SOMA, ya 2015, yopangidwa ndi Frictional Games a ku Sweden, inalandira `Safe Mode` mu 2017, momwe zilombo zimayendayenda koma sizingakupheni. Kampani yomweyo inaika `Adventure Mode` mu Amnesia: Rebirth, momwe mdima umachepa ndipo zilombo sizikusakani. Anthu ambiri amaloza wamantha ku SOMA chifukwa cha chimenechi, koma ife tikuti ikhale yachitatu kapena yachinayi. Kusafa sikuchotsa kubuula kwa zinthu zija m'makonde a pansi pa nyanja, ndipo nkhani yake ya imfa ndi kukopera maganizo a munthu m'makina ndi yolemera.

Imene tikuiika patsogolo ndi Dredge, ya 2023, yopangidwa ndi Black Salt Games a ku New Zealand. Ili pa kompyuta, PlayStation, Xbox ndi Switch, ndipo inafika pa mafoni mu 2025. Siilemera, laputopu wamba imainyamula. Inu ndinu msodzi, mumaliona boti lanu chapatali osati kudzera m'maso a munthu, ndipo zoopsa zambiri zimabwera usiku. Chachikulu n'chakuti nthawi imayenda pokhapokha inu mukuyendetsa boti, mukuwedza kapena mukugwira ntchito ina. Mukachotsa zala pa mabatani wotchi imaima. Usiku sukugwerani mutangokhala, mumaulowa nokha.

Chenjezo limodzi la panyumba: mu Dredge muli bambo wina wa buku lachinsinsi amene amakupatsani mphamvu zachilendo, ndi anthu ovala mikanjo yophimba kumutu. Ngati kwanu zinthu zofanana ndi zamatsenga zimautsa mapiri pachigwa, dziwiranitu musanayatse pa TV ya pabalaza.

Chachinayi: konzani chipinda

Gemu ikayamba imakulangizani kuzimitsa nyali ndi kuvala mahedifoni. Malangizo amenewo analembera ofuna kuopa kwambiri. Inu chitani zosiyana.

Sewerani dzuwa lili kunja. Mu Lusaka kumada cha m'ma 18 koloko chaka chonse, kusiyana kwake n'kochepa, choncho Loweruka kapena Lamlungu pakati pa 14 ndi 16 koloko ndi nthawi yabwino. Makatani akhale otsegula. Khalani msana utatsamira khoma ndipo chitseko chikhale pamene mukuchiona, chifukwa ena mwa mantha a osewera amachokera ku malo a kumbuyo amene sakuwaona. Sikirini isadzaze maso: laputopu ikhale patebulo kutalika kwa mkono, TV mamita awiri kapena atatu. Foni pansi pa bulangeti ndiyo yoipitsitsa, popeza nkhope ya chilombo imakhala pamphuno penipeni ndipo pozungulira ponse ndi mdima.

Za malaiti muzikonzekere. Nthawi imene malaiti apita imakopa, poti palibe china chochita ndipo laputopu ili ndi chaji, koma nyumba imakhala yamdima, komboni ili zii, ndipo malaiti akabwera furiji ndi wailesi zimabangula pamodzi kumbuyo kwanu. Chodzidzimutsa chimenecho palibe wopanga gemu angachipose. Ngati mukusewerabe, yatsani nyali ya sola muiike pambali pa sikirini ikuwalira kukhoma, ndipo zimitsani pasoketi zonse zimene zimadzuka zokha. Pa konsolo kapena kompyuta ya patebulo, malaiti akapita pakati pa ulendo mumataya zonse kuyambira pamene gemu inasunga komaliza. Nyumba za malata zili ndi zakezake: madzulo malata akamazizira amalira "tha, tha", ndipo mutu umene wadzaza gemu umamva mapazi.

Uzani a m'nyumba kuti mukusewera, asakugwireni paphewa mwakachetechete. Mwana wamng'ono asakhale pambali akuonerera, iye alibe batani loimitsira.

Chachisanu: konzani gemu yeniyeniyo

Yambani ndi phokoso, popeza ndilo limalumphitsa. Gwiritsani ntchito masipika osati mahedifoni. Mahedifoni amaika mawu m'kati mwa mutu ndipo amatseka phokoso la panyumba limene limakukumbutsani kuti muli ku Chilenje, osati pakati pa nyanja. Muyeso wake ndi uwu: munthu akalankhula mwachizolowezi m'chipindamo muzimumva osatsitsa voliyumu. M'zosankha za gemu tsitsani `Music` ndi `SFX` kufika cha pa theka. Musazimitsiretu. Phokoso ndi limenenso limakuchenjezani kuti chinachake chayandikira, ndipo mukalitseka zinthu zimangotulukira popanda odi, zomwe zimaopsa koposa.

Choopsa si kukula kwa phokoso kokha ayi, koma mtunda wa pakati pa zii ndi mkuwo. Gemu ikakhala ndi `Dynamic Range`, sankhani `Low` kapena `Night`. Pa Windows malaputopu ambiri ali ndi `Loudness Equalization` m'zosankha za sipika, pansi pa `Enhancements`, ndipo ma TV ambiri ali ndi `Night Mode` kapena `Auto Volume`. Zonsezi zimakweza mawu apansi ndi kutsitsa aakulu, moti mkuwo umafika utafooka.

Kenaka kuwala. Magemu ambiri oopsa amakuonetsani kachizindikiro n'kunena kuti mutsitse mpaka katsale pang'ono kuzimiririka. Inu kwezani `Brightness` kapena `Gamma` mpaka kazioneka bwinobwino, masitepe awiri kapena atatu kupitirira pamene akunena. Mukapitiriza kwambiri zonse zimayera mbuu ndipo simusiyanitsanso mwala ndi madzi. Onaninso kuti laputopu ikachoka pachaja imadzichepetsera kuwala yokha, ndiye bwezerani.

Zimitsani `Vibration` pa padi, chifukwa kunjenjemera kwadzidzidzi m'manja n'chodzidzimutsa chinanso. M'magemu oonera kudzera m'maso a munthu, ngati SOMA, zimitsani `Motion Blur` ndi `Head Bob` ngati zilipo, ndipo `Field of View` ikhale cha pa 90. Ambiri amasokoneza nseru ndi mantha: thukuta lozizira, chizungulire ndi m'mimba mobwadamuka pakatha mphindi 15 nthawi zambiri ndi kamera yogwedezeka, monga zimachitikira powerenga foni m'minibasi. Chizindikiro chake n'chakuti zimabwera ngakhale pamalo owala opanda choopsa.

Pomaliza pezani batani loimitsira, `Esc` pa kompyuta, ndipo liyeseni kawiri zinthu zili bwino kuti chala chilidziwe.

Chachisanu ndi chimodzi: masiku oyamba mu Dredge

Gemu imayamba boti lanu litasweka pamiyala pafupi ndi tauni ya Greater Marrow. Meya amakubwereketsani lina, ndipo ngongoleyo imadulidwa pang'onopang'ono pa nsomba zimene mukugulitsa. Amakuuzaninso kuti mubwerere dzuwa lisanalowe. Mverani.

Pamwamba pa sikirini pali wotchi. Kumacha cha m'ma 6 koloko, chifunga chimayamba cha m'ma 18 koloko, monga momwe kumadera kwathu kuno. Pansi pa wotchiyo pamatuluka diso mukakhala mumdima. Limeneli ndi muyeso wa mantha a msodziyo: likatseguka n'kuyamba kuyang'anayang'ana, mantha akukwera, likafiira afika pamwamba. Zinthu zoipa zimatsatira disolo. Miyala imatulukira pamene panalibe, akhwangwala a maso ofiira amabwera kudzaba nsomba, ndi zina zoposa apo. Disolo limatsika mukakhala pafupi ndi kuwala, masana, ndiponso mukagona padoko. Mwa njira ina, gemuyi imakuonetsani poyera kuti zoopsa zili patali bwanji, chinthu chimene magemu ena amabisa dala.

Ulendo woyamba usewereni mphindi 30 zokha, masana a m'gemu okhaokha. Wedzani pamene madzi akuwira pafupi ndi doko. Kuwedza ndi kudina batani kamuvi kakafika pobiriwira, ndipo mukaphonya mumangochedwa. Ngati zala zimanjenjemera, m'zosankha muli `Relaxed Fishing Mode`. Nsomba iliyonse ili ndi kaumbidwe kake ndipo mumazilongedza m'timabokosi ta m'boti. Dzazani, bwererani, gulitsani, gonani. Gemu imasunga mukaima padoko, choncho doko ndiye pothera ulendo uliwonse.

Kubwerera kumafuna kasamu kakang'ono, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa. Onani wotchi ponyamuka ndi pofika. Tinene kuti mwanyamuka 6:00 ndipo mwafika powedzera 8:00: ulendo ndi maola 2. Onjezani ola limodzi la ngozi, akhala 3. Chotsani pa 18:00, mupeza kuti 15:00 ikakwana boti liyang'ane kumudzi, kaya timabokosi tadzaza kaya ayi. Ola la ngozilo si lamwambo chabe. Mukagunda mwala kabokosi kamodzi kamawonongeka, ndipo kakakhala ka injini liwiro limatsika, ulendo wa maola awiri n'kusanduka wautali. Komanso kuwedza kumadya nthawi mofulumira kuposa momwe mukuganizira, moti "kansomba kamodzi komaliza" ndi kamene kamagonetsa anthu panyanja.

Ndalama zoyamba mugulire nyali kwa wokonza maboti, kenaka injini yabwinopo. Kumangirira chida kumatenga maola a m'gemu, ndiye chitani madzulo muli padoko, osati m'mawa pamene mukudya masana anu. Tsiku lina mudzakoka nsomba yopunduka, ya maso ambiri kapena mano osayenera, ndi kanyimbo kosasangalatsa. Siiluma. Ndi chithunzi chabe, ndipo imagulidwa pamtengo wokwera.

Ulendo wachiwiri ndi wolawa usiku, ndipo ngati munagula pa Steam uchitike maola 2 aja asanakwane, kuti mukaona kuti simungathe mubweze gemu. Wogula nsomba adzakutumani mitundu imene imapezeka usiku wokha. Musapite kutali. Nyamukani 18:00 itangodutsa, nyali yoyaka, khalani pamene mukuona nyali za tauni ndi nsanja yowunikira, gwirani ziwiri kapena zitatu, ndipo diso likangoyamba kusintha mtundu bwererani. Yendani pang'onopang'ono, popeza m'chifunga mwala mumauona mutaufika kale. Tikuuziranitu chimodzi kuti chisakudzidzimutseni: usiku mungaone kuwala ngati kwa boti lina likubwera kwa inu. Si msodzi mnzanu, ndi chinsomba chimene chimanyenga ndi nyali. Musachiyandikire, lunjikani kudoko.

Zikavuta kwambiri boti limamira, ndipo mumadzukira padoko pamene gemu inasunga komaliza. Palibe nkhope yodzaza sikirini. Mwataya nsomba za tsikulo basi. Ndi bwino kuziona kamodzi msanga, chifukwa mantha ambiri a gemu amakhala pa kusadziwa kuti chilango n'chotani.

Pambuyo pa zilumba zoyambazi pali madera ena anayi, ndipo kumeneko lamulo la masana silikutetezaninso kwathunthu. Ku Gale Cliffs kuli chinjoka cha m'madzi chimene chimathamangitsa boti m'mipata ya matanthwe ngakhale dzuwa lili pamutu. Ngati munapeza kuti mdani wanu ndi kuthamangitsidwa, apa ndi pogwiritsa ntchito `Passive Mode`, imene opanga anawonjezera kuti zilombo zisamakuputeni. Chifunga, mdima ndi miyala zimakhalapobe, nkhani ndi yomweyo. Kuiyatsa si kubera, anaiikira anthu ngati inu. Nkhani yonse imatha m'maola pafupifupi khumi, ndiye pa mphindi 30 kapena 45 ulendo uliwonse muli ndi gemu ya milungu ingapo.

Chachisanu ndi chiwiri: kudziyesa pamene mukusewera

Msodzi ali ndi diso lake, inunso khalani ndi lanu. Dzipatseni nambala kuyambira 0 mpaka 10 nthawi iliyonse mukaima padoko. Pa 3 mpaka 5 mtima ukugunda, mwaweramira kutsogolo, koma mukufuna kuona za kutsogolo. Pamenepo ndi pamene gemu ikukoma. Pa 7 zizindikiro zimasintha: mwagwira mpweya osadziwa, nsagwada zalumana, mukuyang'ana pakona ya sikirini m'malo mwa pakati, ndipo mwayamba kucheukira chitseko chenicheni cha chipinda chanu. Chomalizachi ndicho chachikulu, chifukwa chikusonyeza kuti mantha atuluka m'gemu alowa m'nyumba.

Mukafika apo imitsani, ikani padi pansi, mapazi onse pasimenti. Kokani mpweya mukuwerenga mpaka 4, tulutsani mpaka 6, kakhumi. Kutulutsa mpweya motalikitsa ndiko kumatsitsa kugunda kwa mtima. Imwani madzi, yang'anani panja. Mukatsika kufika pa 4 bwererani mungofikitsa boti padoko, kenaka zimitsani. Kuzimitsa pakati pa choopsa kuli ndi vuto lake: chithunzi chomaliza chimene mutu wasunga ndi choipacho, ndipo mawa mudzaopa ngakhale kutsegula gemuyo. Mukathera padoko, mutu umasunga kuti munapulumuka. Koma ngati mphindi khumi zatha nambala osatsika, zimitsani pomwepo, nsombazo si zenizeni.

Malo amene akuopsani, abwerezeni mawa lake masana m'malo mothamangira kutsogolo. Thupi limazolowera chinthu chimene chabwera kangapo popanda kukupwetekani, ndipo kachitatu chinsomba cha nyali chija chimasanduka chosokoneza chabe. Kuzolowera kumeneku kumagwira pa mantha apakatikati. Kudzikakamiza pa 9 kumachita zosiyana, kumakulitsa mantha, n'chifukwa chake nzeru ya anzanu yakuti "ingoyambani ndi Outlast muthane nazo" siigwira.

Mnzanu wokhala pambali amathandiza ngati mwagwirizana ntchito yake musanayambe. Muuzeni momveka: "Asisi, mukadziwa kuti chikubwera mundiuze, ndipo ndikakupatsani padi mulandire osandiseka." Chodzidzimutsa chimene mwauzidwa masekondi atatu chisanafike chimataya mphamvu yake yambiri. Amene amakonda kukuwa "icho!" kuti aone mukulumpha, ameneyo akhale panja.

Zikavuta pambuyo pake

Siyani maola awiri pakati pa gemu ndi kugona, ndipo pakatipo pakhale china chodzaza mutu: kuphika, mpira, macheza. Kulota za gemu usiku umodzi si chachilendo. Mukaona mausiku awiri otsatizana tulo tikuvuta, kapena mwayamba kupewa zinthu zimene munkachita bwinobwino monga kutuluka kukatseka geti, gemuyo yaposa msinkhu wanu wa pano. Pumulani sabata, kenaka bwererani sitepe imodzi m'mbuyo: masana a m'gemu okhaokha, `Passive Mode` yoyaka, mphindi 20.

Amene ali ndi matenda a khunyu apewe Oxenfree ndi SOMA, chifukwa zonse ziwiri zimathwanimitsa ndi kugwedeza sikirini mwadala. Amene ali ndi vuto la mtima, kapena amagwidwa ndi mantha aakulu adzidzidzi mpaka kubanika, afunse kaye kuchipatala, ndipo kupweteka pachifuwa kukabwera pakati pa gemu asakuyese mbali ya masewera.

Mukamaliza Dredge mukugona bwino, sitepe yotsatira ndi kuibwereza `Passive Mode` itazimitsidwa ndi kuyenda usiku kuchoka ku Greater Marrow kupita ku Little Marrow, katauni koyandikana nayo, ndi kubwerera. Kenaka Oxenfree, kenaka SOMA pa `Safe Mode`, masana, pa masipika. Mahedifoni abwere pomaliza penipeni, ndipo tsiku loyamba valani khutu limodzi lokha.